Ana asiya kuyankha meseji ya "Mwawerenga lero?": kodi ndisiye kuwerengera masiku?

Funso: Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Luchenza, m'boma la Thyolo. Teremu itangoyamba ndinatsegulira ana a Fomu 4 gulupu ya WhatsApp, ana 38. Usiku uliwonse ndimafunsa kuti "Mwawerenga lero?", iwo amayankha eya kapena ayi, ine n'kumalemba masiku amene aliyense wawerenga mondondozana. Wodumpha tsiku amabwerera pa 0, ndipo Lamlungu ndimaika mayina onse pa gulupu. Sabata yoyamba ankayankha pafupifupi onse. Pano tili m'sabata yachinayi, akuyankha ndi 11 okha, ndipo mtsikana wina wandiuza kuti akuchita manyazi. Ndisiye kuwerengera masikuwa, kapena pali njira yochitira popanda kuwagwetsa mphwayi?

Yankho: Aphunzitsi, musasiye. Funso lalifupi la tsiku ndi tsiku ndi chida chabwino, ndipo kuwerengera masiku kumapatsadi munthu mphamvu. Chimene chathamangitsa ana anu ndi lamulo lobwezera munthu pa 0, pamodzi ndi kuika mayina pagulu. Zonse ziwirizi mukhoza kuzisintha sabata ino osagula kanthu. Masiku otsatizanawo ndiziwatcha chingwe, poti chingwe chimatalika, chimaduka, komanso chimalumikizika.

Ndiyambe ndi 0 ameneyu. Mwana amene wawerenga masiku 12 n'kuphonya la 13, zimene anawerengazo zikadali m'mutu mwake. Koma nambala imene mwamuonetsa ikumuuza kuti ali chimodzimodzi ndi mnzake amene sanatsegulepo kope. Mwanayo amaona ngati madzi atayika ndipo sangaoleke, ndiye mawa lake saona chifukwa choyambiranso. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Alan Marlatt, anafotokoza khalidwe limeneli m'zaka za m'ma 1980 pophunzira za anthu amene akusiya mowa ndi fodya. Anaona kuti chimene chimagwetsa munthu kwambiri si kuterereka kamodzi kuja, koma zimene amadziuza pambuyo pake: kuti ine ndine wolephera, basi zatha. Lamulo la 0 limamuuzira mwana mawu omwewo, ndipo limawanena ndi pakamwa pa aphunzitsi ake.

Kodi kuphonya tsiku limodzi kumaonongadi chizolowezi? Pali kafukufuku amene Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anasindikiza mu 2010. Anatenga anthu 96, aliyense anasankha chinthu chimodzi choti azichita tsiku lililonse, monga kumwa madzi pa nkhomaliro kapena kuthamanga pang'ono asanadye mgonero, ndipo anawatsatira kwa masabata 12. Anapeza kuti nthawi yoti chinthu chifike pochitika chokha, munthu osadzikakamiza, imasiyana kwambiri: mwa kuyerekezera kwawo, kuyambira masiku 18 mpaka 254, wapakati anali pa masiku 66. Anapezanso kuti kudumpha tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni kukhazikika kwa chizolowezicho. Kuwerenga n'kolemera kuposa kumwa madzi, choncho ine ndingayembekezere kuti ana anu afunika nthawi yotalikirapo. Ndiye taganizirani: mwana wa ku Thyolo kuno, amene amatunga madzi, kuphika, kupita kumaliro, nthawi zina kudwala malungo, angathe masiku 66 osadumphapo ngakhale limodzi? Lamulo limene pafupifupi mwana aliyense adzaliphwanya mwezi usanathe silingamange chizolowezi cha miyezi iwiri.

Musanakonze kawerengeredwe, konzani funso. "Mwawerenga lero?" ndi funso lotakata kwambiri. Wina amene wangoyang'ana notsi kwa mphindi zisanu ayankha eya mtima uli m'malo, pamene mtsikana wakhama amene wawerenga ola lathunthu, koma anafuna kuwerenga maola atatu, ayankha ayi n'kumadziimba mlandu. Funso la eya kapena ayi limagwira ntchito pokhapokha munthu akatha kuliyankha osaganiza kawiri. Liyenera kutchula chinthu chimodzi chooneka, ndipo muyeso wake ukhale wa tsiku loipa, osati wa tsiku labwino. Dzifunseni kuti mwana amene wafika kunyumba mochedwa, mvula yamuvumba panjira, magetsi kulibe, angachite chiyani ndi tochi ya pafoni? Mwina mphindi 15. Ndiye funso likhale: "Lero mwatsegula kope n'kuwerenga kwa mphindi 15? Yankhani E kapena A." Ndikudziwa kuti kwa mphunzitsi amene akuona mayeso a MSCE akuyandikira, mphindi 15 zikuoneka zochepa kwambiri. Koma chimene mukumanga pano ndi kukhala pansi n'kutsegula kope. Mwana akakhala pansi, masiku ambiri amapitirira yekha. Chovuta ndi kuyamba.

Muwauzenso kuti aliyense asankhe chinthu chimene amachita kale tsiku lililonse, n'kumangirirapo kuwerengako: akangotsuka mbale za mgonero, kapena akangovula yunifomu. Izi zimagwira kuposa kunena kuti 7 koloko, chifukwa m'nyumba zambiri nthawi imayendera moto ndi nsima, osati wotchi. Funso lanu lizifika nthawi imodzimodzi usiku uliwonse, nthawi yowerengayo itadutsa, tinene 8 koloko.

Tsopano pamene pagona nkhani. Ngakhale funso lili la mayankho awiri, m'buku lanu muyenera kukhala zizindikiro zitatu: E, A, ndi kamzere kosonyeza kuti mwana sanayankhe. Kusayankha si ayi. Ambiri mwa ana anu foni si yawo. Ndi ya bambo amene apita nayo ku esiteti ya tiyi, kapena ya mayi amene apita kukaoda katundu ku Limbuli. Bandulo imatha, batire imatha, ndipo masiku a chiperoni kasola ka padenga sikatchaja mokwanira. Mukalemba A pa tsiku limene mwana anawerenga koma analibe foni, mwamunamizira, ndipo iye akudziwa kuti mwamunamizira. Ine ndinalakwitsapo zimenezi pa gulu lina la amayi amene ndinkawathandiza kusunga kandalama tsiku ndi tsiku. Ndinakonza kuti amene sanayankhe pofika pakati pa usiku alembedwe kuti sanasunge. Mayi wina anandipeza n'kundionetsa ndalama zake zomanga pansalu, tsiku lililonse lilipo, ndipo anandifunsa chifukwa chimene ndikumulembera bodza. Kuyambira pamenepo tsiku sindilitseka usiku. Inunso lolani kuti yankho la Lolemba lizilandiridwa mpaka Lachitatu, pafoni kapena pakamwa m'kalasi.

Malamulo a chingwe akhale otere. E amawonjezera tsiku limodzi. A mmodzi sawonjezera komanso sachotsa, chingwe chimangoima pamene chili. Kamzere nakonso kamaimitsa chingwe. Chingwe chimaduka pokhapokha pakakhala ma A awiri otsatizana. Chifukwa chake n'chakuti tsiku limodzi ndi ngozi, koma tsiku lachiwiri ndi pamene kusawerenga kumayamba kukhala chizolowezi chatsopano. Lamulo limeneli limaika mphamvu yonse pa tsiku lotsatira kuphonya, lomwe ndi tsiku lofunika kuposa onse. Mwana amene waphonya Lachiwiri amadzuka Lachitatu ali ndi chinthu choti apulumutse, m'malo mokhala ndi chinthu choti alire.

Titengere chitsanzo. Tinene kuti mtsikana wina wa m'kalasi mwanu masabata awiri apitawa anayenda motere:

```
Tsiku:   1 2 3 4 5 6 7 8 9 10 11 12 13 14
Yankho:  E E E E E A E E - -  E  E  A  E
```

Anawerenga masiku asanu oyamba. Tsiku la 6 kunali chinkhoswe kwa azakhali ake, anayankha A. Anawerenga masiku awiri, kenako foni inachoka ndi mchimwene wake kwa masiku awiri. Itabwera anawerenga awiri ena, tsiku la 13 mutu unamupweteka, la 14 anawerenga. Pa lamulo lanu lakale anafika pa 5 n'kugwa, anafika pa 2 n'kugwa, anafikanso pa 2 n'kugwa, ndipo Lamlungu lachiwiri dzina lake linatuluka pa gulupu lili ndi 1. Mwana amene wawerenga masiku 10 pa masiku 14 akuoneka pamaso pa anzake ngati waulesi. Pa lamulo latsopano, chingwe chake chinaima pa 5 tsiku la chinkhoswe, chinafika pa 7, chinaima masiku awiri a foni aja, chinafika pa 9, chinaimanso, ndipo lero chili pa 10. Palibe tsiku limene mwamupatsa laulere. Mwangowerengera masiku amene anagwiradi ntchito, osawafufuta.

Ngati mumalemba mu hadikava, mwana aliyense mumpatse mizere iwiri, wapamwamba wa zilembo, wapansi wa nambala ya chingwe. Ngati mumagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, mayankho akhale mu mzere 2 kuyambira pa C2, ndipo chingwe chikhale mu mzere 3. Mu C3 mulembe 1 ngati tsiku loyamba ndi E, kapena 0 ngati si E. Mu D3 mulembe izi, n'kuzikokera kumanja:

```
=IF(D2="E",C3+1,IF(AND(D2="A",C2="A"),0,C3))
```

Mwina mwaona kale pamene lamuloli likudontha. Mnyamata wochenjera akhoza kumayankha E lero, A mawa, E mkuja, ndipo chingwe chake sichidzaduka. N'zoona. N'chifukwa chake chingwe sichiyenera kuyenda chokha. Pambali pake pakhale nambala yachiwiri, ya masiku amene mwana wawerenga pa masiku 14 apitawa. Mu P4 mulembe izi, n'kuzikokera kumanja:

```
=COUNTIF(C2:P2,"E")
```

Mtsikana uja ali ndi 10, mnyamatayu ali ndi 7. Nambala imeneyi imanena zoona popanda kukalipa. Imakwera pang'onopang'ono, imatsika pang'onopang'ono, ndipo tsiku limodzi silingaigwetse pansi. Inu monga mphunzitsi, iyi ndi imene muziyang'ana pofuna kudziwa mwana woti mukhale naye pansi. Palinso nambala yachitatu imene simatsika konse, ya masiku onse chiyambire, ndipo ntchito yake ndi ya tsiku limene chingwe chaduka. Tsiku limenelo 0 akhale m'buku mwanu mokha, mwana asamuone. Mumuuze kuti: "Masiku onse amene mwawerenga ndi 23. Chingwe chanu chachitali chinafika 12. Chatsopano chiyamba mukangoyankha E."

Mawu amene mumabweza mwana akayankha ndi ofunika ngati nambalazo. Akayankha E, mawu akhale ochepa: "Zikomo. Chingwe chili pa 10." Musachulutse zoyamikira ndi tizithunzi ta moto ndi zikho, chifukwa E akamalandiridwa ndi nthungululu, A amamveka ngati maliro, ndipo mwana amayamba kunama kuti alandire nthungululuzo. Akayankha A: "Zikomo poyankha. Chingwe chikadali pa 9. Tionana mawa." Basi. Osafunsa kuti chifukwa chiyani, osaika nkhope yolira, osakumbutsa za mayeso, ngakhale mawu ooneka okoma ngati "musataye mtima" muwasiye, chifukwa amauza mwana kuti pachitika chinthu chotayitsa mtima. Kwa ine A ndi yankho lamtengo wapatali kuposa E. Mwana amene akuyankha A akadali nanu, akukukhulupirirani, ndipo akukuuzani zoona. Mukamulanga pa A, simumupangitsa kuwerenga, mumangomuphunzitsa kukhala chete kapena kunama, ndiye buku lanu lonse limasanduka lopanda ntchito.

Za mayina pa gulupu, zichotseni lero lomwe. Kwathu kuno manyazi a pagulu amapweteka kuposa chikwapu, makamaka kwa mtsikana wa msinkhu umenewu, ndiponso foniyo akuiwerenga ndi makolo. Musagwiritse ntchito Poll ya mu gulupu, chifukwa aliyense amatha kuona amene wasankha chiyani. Gwiritsani ntchito New broadcast: mumatumiza funso kamodzi, limafika kwa aliyense payekha, ndipo yankho limabwera kwa inu nokha. Imalola anthu 256, koma imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo, ndiye muwauze kaye aisunge. Kwa amene ali ndi tifoni ta mabatani, tumizani SMS. Pamenepo samalani chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa: meseji imodzi imatenga zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo ngati ŵ kapena kachithunzi kamodzi, malire amatsika kufika pa 70, ndipo meseji yotalikirapo imagawika n'kukudyerani mayunitsi kawiri kapena katatu. Amene alibe foni konse ajambule timabokosi kumapeto kwa kope, azilembamo E kapena A asanagone, n'kukuonetsani Lachisanu. Gulupu ikhalepo ndithu, koma Lamlungu muziikapo nambala imodzi ya kalasi yonse, monga kuti sabata ino tonse pamodzi tasonkhanitsa masiku akutiakuti owerenga. Pamenepo tsiku limodzi la mwana wofooka limawonjezera pa mulu wa onse, m'malo momuika pansi pa mndandanda.

Nanga amene wangokhala chete masiku ambiri? Apa ndimakonda kutengera zimene anachita ofufuza a WelTel ku Kenya, zimene zinasindikizidwa mu 2010. Anthu amene anayamba kumwa ma ARV ankalandira meseji ya mawu amodzi sabata iliyonse m'Chiswahili, yakuti "Mambo?", ndipo ankayankha "Sawa" ngati zili bwino kapena "Shida" ngati pali vuto. Woyankha "Shida", kapena amene sanayankhe pa masiku awiri, ankaimbiridwa foni ndi wachipatala. Anthu amenewa anamwa mankhwala mokhulupirika kuposa amene sankalandira mesejiyo. Phunziro limene ndimatengapo n'lakuti munthu akakhala chete amafunika munthu mnzake, osati meseji yowonjezera. Mwana akatha masiku atatu osayankha, musamutumizire zikumbutso zotsatizana, ndipo musamuwerengere masiku amene wasowa. Mumuitane pambali nthawi yopuma, mumufunse kuti kunyumba kuli bwanji. Mwina mupeza kuti ndi foni chabe. Mwina mupeza nkhani ya fizi, matenda kapena njala, zimene E ndi A sangakuuzeni. Pakagwa maliro kapena matenda, chingwe chiime mpaka mwanayo atabwerera, ngakhale papite sabata.

Kuti mudziwe ngati zimene mwasinthazi zikugwira, musayang'ane kuchuluka kwa ma E. Yang'anani izi: mwa ana amene anayankha A dzulo, ndi angati amene ayankha chilichonse lero? Bwererani m'buku lanu la masabata anayi apitawa, mwana ndi mwana, muone yankho lomaliza la aliyense amene anasowa. Ndikukhulupirira kuti ambiri mupeza kuti anasowa tsiku lotsatira A wawo woyamba kapena wachiwiri, kapena Lolemba lotsatira mndandanda wa Lamlungu. Njira ikakhala yopanda manyazi, ana ambiri oyankha A amabweranso mawa lake. Chizindikiro china choipa ndi buku loyera kwambiri. Mukaona kalasi yonse ili ndi ma E okhaokha masabata atatu, musasangalale, ana aphunzira yankho limene mumalifuna. Buku la zoona limakhala ndi ma A omwazikana, ochuluka Loweruka ndi masiku a msika. Ndipo ngati mwana mmodzi ali ndi ma A ochuluka kuposa ma E kwa masabata awiri, musamuwonjezere chilimbikitso, muchepetseni muyeso mpaka mphindi zisanu, kapena musinthe nthawi yake ikhale m'mawa asananyamuke.

Chida chimenechi chili ndi malire ake. Chimakuuzani kuti kope linatsegulidwa, sichikuuzani kuti mwana wamva. Kumva mudzakuyeza ndi timayeso ta m'kalasi, ndipo musasakanize ziwirizi: nambala ya chingwe isalowe mu malikisi, isapite pa lipoti, isakhale ndi mphoto ya sopo kapena makope, chifukwa mphoto ikangobwera, chilungamo cha A chimathawa. Musawonjezerenso mafunso. Lero kuwerenga, mawa masamu, mkuja kudzuka 4 koloko, mapeto ake mwana akudzaza fomu usiku uliwonse. Funso limodzi mpaka litakhazikika. Pakatha masabata 10 kapena 12, amene ali ndi 11 kapena kuposa pa masiku 14 muwachotse pa funso la tsiku ndi tsiku, muziwafunsa kamodzi pa sabata, chifukwa cholinga n'chakuti adzawerenge ngakhale foni yanu itatayika. Ndichenjezenso, poti ndatchula za ma ARV: lamulo lakuti A mmodzi alibe vuto ndi la zinthu ngati kuwerenga, kusunga ndalama ndi masewero olimbitsa thupi. Musalitengere ku mankhwala a tsiku ndi tsiku. Kumeneko mawu ofatsa akhalepo, koma wodumpha mankhwala atsatire malangizo a kuchipatala.

Poyambiranso, musangotumiza malamulo atsopano pa foni. Imani kutsogolo kwa kalasi Lolemba, muwauze kuti kawerengeredwe kakale kanali kolakwika ndipo mwakasintha, kuti vuto silinali iwo. Mukatero, tengani buku lakale, muwerengerenso masiku a mwana aliyense pa lamulo latsopano kuyambira tsiku loyamba la teremu, masiku onse amene anakhala chete muike kamzere. Aliyense mumpatse kapepala kake kopinda kokhala ndi nambala yake ya masiku onse. Mtsikana amene anakuuzani za manyazi uja mumpatse kake poyamba, panokha, ndipo mumuthokoze, chifukwa mwa ana 27 amene anasiya kuyankha, ndi iye amene anabwera kudzakuuzani chifukwa chake.